Mfundo Yachinayi Imene Ndinachotsa

Atcheya a gulu lathu la mpunga ankalemba chidziwitso ngati munthu wolemba chisamani cha kukhoti. Ali anyamata anagwirako ntchito ya umesenjala ku ofesi ina m'tauni, ndipo kumeneko anabwerako ndi zinthu ziwiri: jekete ya bulauni imene ankavala ngakhale dzuwa la mwezi wa Okutobala likuswa mtengo, ndi kalembedwe kouma gwa. Ukamva chidziwitso chawo unkayamba kudzifunsa ngati walakwira boma.

Gulu lathu ndi laling'ono. Si sikimu yaikulu ija imene anthu amaiganizira akamva za chigwa cha Bwanje ayi. Ife tinangopatutsa madzi pa kamtsinje, n'kukumba ngalande imodzi, ndipo mapuloti athu andandalika m'mbali mwake kuchokera pa geti la madzi mpaka kumunsi. Dzinja timalima mpunga, chilimwe timabzala chimanga ndi nyemba ngati madzi alola. A kumtunda, pafupi ndi geti, madzi amawapeza poyamba. A kumapeto amalandira zotsala, ndipo ngalande ikadzaza matope ndi udzu salandira kanthu.

Ine anandisankha kukhala mlembi chaka chimene nkhaniyi inachitika, mlembi wakale atapita ku Joni. Anandisankha chifukwa ndimawerenga zolengeza za amayi ku tchalitchi kwathu popanda kudodoma, komanso chifukwa pakamwa panga sipachedwa. Anandipatsa kope la maina ndi zolembera ziwiri. Buku la malamulo a gulu sanandipatse. Linkakhala kunyumba kwa atcheya limodzi ndi chidindo, ndipo ine sindinaganizepo zolipempha. Ndikuvomera, kumeneko kunali kupusa kwanga.

Misonkhano itatu yotsatizana inalephereka. Tinkafika anthu asanu ndi awiri, mwina khumi, n'kukhala pansi pa msangu wa pa geti tikuthamangitsa ntchentche, kenako atcheya n'kunena kuti chiwerengero sichinakwane, tibalalike. Ine zinkandinyansa kwambiri chifukwa ndinkasiya ntchito kunyumba, komanso chifukwa ndinkadziwa kuti mvula ikatipeza ngalande isanakonzedwe, ovutika ndi a kumunsi. Mmodzi wa a kumunsiwo anali mlamu wanga.

Mlamu wangayo ndi mkazi wa malemu mchimwene wanga. Kwawo ndi kumapiri, cha ku Tsangano, kumene amalima mbatata ya kachewere, ndipo kuno anabwera chitengwa. Puloti yawo inali yomaliza yeniyeni pa ngalande. Dzinja lapitalo sanawokere mpunga chifukwa miyezi yonse anali kuchipatala kudwazika mwamuna wake. Chilimwe chotsatira, maliro atatha, anayesa kugaula kuti abzale chimanga, koma madzi sanafike, ndipo anasiya. Anatsala ndi ana atatu ndi kamunda ka kumtunda kopanda chonde. Puloti ija ndiyo inali chakudya chawo, ndipo iye ankangodikira mvula kuti ayambirenso.

Tsiku lina m'mawa ndikupeta mbewu ya mpunga pakhonde, atcheya anafika pa njinga. Anaimika njinga, ndinawapatsa mpando, tinalonjerana. Kenako anatulutsa pepala m'thumba la jekete n'kuliwongola pa bondo.

"Mayi mlembi, ndamva kuti mumandijeda ku mjigo," anatero akumwetulira. "Akuti mumati zidziwitso zanga zimathamangitsa anthu."

"Sindikujedani, atcheya, ndikunena pamaso panu. Zimathamangitsa ndi nkhuku zomwe."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Chabwino. Ili ndi la Loweruka la mawa lija. Likonzeni inuyo, tione ngati anthu angabwere."

Ndinapukuta manja pa chitenje n'kulilandira. Ndikulikumbukirabe, chifukwa pambuyo pake ndinaliwerenga kambirimbiri. Linali lotere:

"CHIDZIWITSO KWA ONSE OKHUDZIDWA. Mogwirizana ndi mphamvu zopatsidwa kwa wapampando, mamembala onse akudziwitsidwa kuti kudzakhala msonkhano waukulu pa malo a nthawi zonse. Mfundo zokambirana zidzakhala motere: 1. Pemphero. 2. Kuwerenga ndi kuvomereza zokambirana za msonkhano wapita. 3. Kukonza ngalande ndi kagawidwe ka madzi. 4. Kutsatira ndime yachisanu ndi chiwiri ya malamulo a gulu. 5. Zina ndi zina. Wolephera kufika popanda chifukwa chomveka adzapatsidwa chilango. Mwa lamulo la wapampando."

Tsiku ndi nthawi anazilemba pansi penipeni, ndipo chidindo chinadinda pamwamba pake moti nambala ya ola inkaoneka ngati chiwala chopondedwa.

Ndinayamba kuwasambitsa chokweza. Ndinawauza kuti anthu ambiri kwathu chidziwitso sachiwerenga ndi maso, amachimva ndi makutu ku tchalitchi, mapemphero akatha, ana akulira, mimba zikulira. Mkulu wa mpingo wowerenga zolengeza amakhala ndi mapepala ambiri m'manja, ndipo akaona lalitali amawerenga mizere iwiri yoyamba n'kunena kuti zina mukamva kwa eni ake. Ndiye mizere iwiri yoyamba ya atcheya inkanena chiyani? Inkanena za mphamvu za atcheya. Tsiku, malo ndi nthawi zinkatsala m'thumba la mkulu wa mpingo. Nanga "onse okhudzidwa" ndi ndani? Palibe munthu amadzuka m'mawa n'kumati ine ndine wokhudzidwa. Za chilango nazo ndinati zichoke, chifukwa aliyense ankadziwa kuti chiyambire gulu palibe analangidwapo, ndipo kuopseza munthu wamkulu ndi chikwapu chimene ulibe kumangomuumitsa khosi.

Atcheya ankangogwedeza mutu. Sanatsutse ngakhale chimodzi, ndipo ine ndinkamva kukoma. Akuluakulu amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi, koma tsiku limenelo mwambiwu sunandifike m'mutu.

Ndinaloza chala pa mfundo yachinayi. "Nanga iyi? Ndime yachisanu ndi chiwiri imati chiyani? Ndiuzeni kuti ndiilembe m'Chichewa cha anthu."

"Aaa, imeneyo ndi yongodzaza pepala," anayankha akukupiza dzanja. "Timangokumbutsana kuti gulu lili ndi malamulo. Chotsani, ingakusokonezereni kalembedwe kanu kabwinoko."

"Ndiye nkhani yeniyeni ndi ngalande basi?"

"Ngalande basi, mayi mlembi. Makamaka a kumunsi aja. Amenewo ndiye abwere onse, asatsale ndi mmodzi yemwe. Iwo ndiwo eni madandaulo."

Ndinawathokoza. Ndikakumbuka kuti ndinawathokoza, ndimamva ngati ndimenye mutu pakhoma.

Masana onse ndinakhala ndikulemba ndi kufufuta kuseri kwa kalendala yakale. Ndinkafuna kuti mzere woyamba ugwire munthu pamene pakumupweteka, kuti tsiku, nthawi ndi malo zibwere msanga mkulu wa mpingo asanatope, ndi kuti munthu adziwe kuti msonkhano udzatha liti, chifukwa chimene amayi amaopa pa misonkhano ndi kukhala padzuwa mpaka madzulo ana asanadye. Mawu akuti "malo a nthawi zonse" ndinawachotsa, popeza ena analowa m'gulu posachedwa ndipo sankadziwa kuti malowo ndi ati. Pemphero ndi zokambirana za msonkhano wapita sindinazitchule. Palibe amasiya khasu kuti akamve zimenezo, ndipo zimachitika ndithu ngakhale osazilemba.

Nditamaliza ndinapita nalo kwa mlamu wanga kuti ndikaliyese pa khutu lake. Iye sukulu sanapite nayo patali, ndiye ndinati iye akalimva ndiye kuti aliyense alimva. Ndinamupeza akuchapa kuseri kwa nyumba. Ndinaima ngati ndili kutsogolo kwa mpingo n'kuwerenga:

"Anzathu a kumapeto kwa ngalande, kodi madzi akufika kwanu? Anzathu a kumtunda, kodi mukudziwa mmene kumunsi kwaumira? Tiyeni tikumane Loweruka la mawa, 8 koloko m'mawa, pansi pa msangu wa pa geti la madzi. Nkhani ndi imodzi: ngalande tiikonza liti mvula isanagwe, ndipo madzi tizigawana bwanji kuti afike kwa aliyense. Amene ali ndi mawu adzapatsidwa mpata. Tidzabalalika dzuwa lisanafike pamutu. Mubwere ndi chokhalira."

Mlamu wanga anasiya kuchapa, thovu lili m'manja. Anaseka, ndipo kanali koyamba kumuona akuseka chimwalirire mwamuna wake.

"Alamu, koma inu! Zikumveka ngati mwaima pakhomo panga n'kumandiitana ineyo."

"Ndikukuitanani inuyo kumene. Mubwere."

Nkhope yake inagwa. "Ine ayi. Puloti ija yamera thengo, anthu akandiyang'ana bwanji? Chichitikire zovuta zija sindinapondeko ku msonkhano. Mukandilankhulire ndinu."

"Iyayi, alamu. Mwana wosalira amafera pamsana. Ine puloti yanga ili pakati, ndikadandaula ati ndikungofuna kumveka. Inu mukaimirire nokha, mukanene kuti munagaula koma madzi sanafike. Atcheya anena okha kuti a kumunsi asatsale."

Ndinamuumiriza mpaka anavomera. Ndinamulonjeza kuti ndidzamudutsira m'mawa kuti tipitire limodzi.

Mawa lake ndinakopera mapepala asanu ndi awiri ndi cholembera chachikulu chakuda, zilembo zoti munthu aziona ataima patali. Ndinapita nawo kwa atcheya kuti adinde. Anawawerenga, n'kundiyamikira kuti ndili ndi mutu, koma anati inki ya chidindo yauma ndipo ku golosale kulibe.

"Ingosainani inuyo ngati mlembi. Anthu amakukhulupirirani kuposa chidindo."

Ndinasaina onse asanu ndi awiri. Limodzi ndinakhoma pa chigayo, lina pa mtengo wa pa mjigo, lina pa tiyirumu ya pamsewu pamene amuna amakhala. Atatu ndinapereka ku mipingo itatu imene anthu a gulu lathu amapemphera, lotsalalo ndinalijambula n'kulitumiza pa gulu la pa foni. Lamulungu ku tchalitchi kwathu mkulu wa mpingo analiwerenga lonse osadumpha, ndipo atafika pa chokhalira anthu anaseka. Ku mjigo amayi ankafunsana kuti, "Madzi akufika kwanu?" n'kumagwa nazo ndi phwete. Ine ndinkayenda mapewa ali m'mwamba.

Loweruka anthu anabwera ngati kuli kugawidwa feteleza. Ena pa njinga, ena wapansi, mipando ndi mikeka ili pamutu. Mthunzi wa msangu sunakwane, ena anakhala m'mphepete mwa ngalande atafunda zitenje. Mlamu wanga anavala chitenje chake cha ku tchalitchi, ndipo ndinamukhazika kutsogolo, pafupi ndi tebulo langa. Atcheya anandiuza kuti ndiyambe ndayendetsa kope, aliyense asaine kapena adinde chala pa dzina lake. Ndinaliyendetsa mosangalala. Nditawerenga maina ndinawanong'oneza kuti tapitirira theka kutalitali, iwo n'kungoti, "Mwagwira ntchito."

Nkhani ya ngalande inayenda bwino, ndisaname. Anthu anakangana, a kumtunda anakana kuti samatseka madzi, a kumunsi anawatchula mmodzimmodzi. Mlamu wanga anaimirira n'kunena kuti dzinja sanalime chifukwa cha matenda, chilimwe sanalime chifukwa madzi sanafike.

"Ndiye kuti nyengo ziwiri, eti mayi?" anafunsa atcheya mwaulemu.

"Ee, ziwiri."

"Mayi mlembi, lembani zimenezo."

Ndinalemba. Tinagwirizana kuti ngalande tikonza Lachiwiri ndi Lachinayi mpaka ithe, ndi kuti madzi aziyamba kupita kumunsi masiku awiri, kenako kumtunda. Anthu anaomba m'manja. Nthawi imeneyo dzuwa linali litatsala pang'ono kufika pamutu, ndipo ena anayamba kupinda mikeka.

Atcheya anaimirira n'kukweza dzanja. "Mayi mlembi anakulonjezani kuti tibalalika dzuwa lisanafike pamutu, ndipo ine sindifuna kuwanamizitsa. Katsala kamfundo kamodzi, tikachite mwachangu. Kodi malamulo a gulu lathu tiziwatsatira, kapena tiwataye? Amene akuti tiziwatsatira akweze dzanja."

Ndani angakweze dzanja kuti malamulo atayidwe? Manja anakwera onse. Langa linakwera. La mlamu wanga linakwera.

Pamenepo ndi pamene anatulutsa buku la malamulo m'jekete. Anawerenga ndime yachisanu ndi chiwiri pang'onopang'ono. Inkanena kuti puloti imene yagonera nyengo ziwiri zotsatizana ibwerere ku gulu ndipo ipatsidwe kwa woyamba pa mndandanda wa odikira, pokhapokha ngati pa msonkhanopo pali mamembala opitirira theka, ndipo mwini puloti alipo ndipo wamvedwa. Anatseka buku.

"Chiwerengero chakwana. Mwini wake alipo, ndipo tamumva tonse akuvomera yekha kuti ndi nyengo ziwiri. Puloti yomaliza ya kumunsi yabwerera ku gulu. Tiyeni tipemphere."

Panali phokoso, koma phokoso la anthu amene aimirira kale, mipando ili m'manja. Mayi wina anakuwa kuti zimenezo si zimene tinaitanidwira. Bambo wina anayankha kuti lamulo ndi lamulo, tavota tokha. Ine ndinamenya tebulo n'kukuwa kuti, "Atcheya, munati ndi yongodzaza pepala!" koma munthu wopemphera anali atayamba kale, ndipo kwathu munthu akatseka maso n'kuyamba kupemphera sumudula. Pofika pa ameni theka la anthu linali litayamba kuyenda. Mlamu wanga anakhala pomwepo, manja ali pamiyendo, akuyang'ana pansi.

Tsikulo ndinamvetsa zonse nthawi imodzi. Misonkhano itatu ija inkalephereka, ine n'kumakwiya, osadziwa kuti kulephereka kwakeko ndiko kunkasunga puloti ya ana a mchimwene wanga. Atcheya ankasowa zinthu ziwiri: khamu la anthu, ndi mayi wamasiyeyo atakhala pamaso pawo. Ndi Chichewa chawo chouma sakanazipeza mpaka kalekale. Zonse ziwiri ndinawabweretsera ine, china ndinachita kuchigwira padzanja. Woyamba pa mndandanda wa odikira, tinamva madzulo ake, anali mkamwini wawo.

Sindinagone nazo. Lolemba ndinakadandaula kwa akuluakulu atatu amene gulu linawasankha kuti aziweruza mikangano ya mapuloti ndi madzi. Anatiitana Lachisanu ku kashedi kamene timasungiramo makasu a gulu ndi wilibala. Ndinapita ndi mlamu wanga. Njira yonse ine ndinkangobwebweta kuti asadandaule, chilungamo chioneka.

Ndinafotokoza zonse mmene zinayendera. Ndinati anthu anaitanidwira ngalande, sanaitanidwire kulanda puloti, ndipo chigamulo chopangidwa anthu asanauzidwe nkhani yake sichingaime. Wamkulu wa atatuwo anavomera kuti malamulo amafunadi kuti nkhani yotere ilengezedwe masiku asanu ndi awiri msonkhano usanachitike. Mtima wanga unayamba kutsika.

Atcheya anaimirira modekha, n'kukankha chitseko cha kashediko kuti chitsekeke. Kuseri kwake, pa msomali, panali pepala lina lofanana ndi lawo lija, la onse okhudzidwa, chidindo chili pomwepo.

"Chidziwitso cha gulu ndi ichi," anatero. "Chinakhala pano masiku oposa asanu ndi awiri msonkhano usanachitike. Mfundo yachinayi iyi, werengani nokha." Kenako anatulutsa limodzi la mapepala anga, lomwe anachita kukalichotsa pa chigayo, n'kuliyala pa wilibala. "Ili nalo ndinaliona likuyenda. Palibe chidindo changa. Dzina lili pansipa ndi la mayi mlembi. Ine ndinawapatsa mfundo zisanu kuti akopere, iwo anabwera ndi imodzi. Ngati pali munthu amene anabisira anthu nkhani, si ine."

"Munandiuza ndinu kuti ndichotse!"

"Panali ndani pamene ndinkakuuzani?"

Panalibe munthu. Panali ine, iwo ndi lichero la mbewu.

"Mwinatu," anapitiriza, mawu ali ofewa ngati akundimvera chisoni, "mayi mlembi ankadziwa zimene ndimeyi imanena, ndiye anaichotsa kuti alamu awo asathawe msonkhano. Kapena kuti anthu asaimve. Za m'banja ine sindizidziwa."

Ndinalankhula mawu amene sindingawalembe pano. Ndinawatchula za jekete yawo, za umesenjala wawo, za mkamwini wawo. Wamkulu uja anandiletsa kawiri, kachitatu anandiuza kuti ndikapitiriza anditulutsa. Kupsa mtima kwangako kunawathandiza atcheya kuposa mboni. Iwo anangopinda manja ngati munthu wolakwiridwa.

Akuluakulu aja sanali anthu oipa. Anatembenuza mapepala awiriwo, anayang'ana kope la maina, anawerenga zimene ndinalemba ndi dzanja langa kuti mwini puloti wavomera nyengo ziwiri. Anati nkhaniyi ndi yomvetsa chisoni, koma chidziwitso chodinda chinalipo, chiwerengero chinakwana, mwini wake anamvedwa. Chimene akanatha ndi kuika dzina la mlamu wanga pa mndandanda wa odikira. Analiika kumapeto. Ine anandilangiza kuti tsiku lina ndisamasinthe mawu a wapampando.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi chakuti pa mfundo imodzi atcheya sananame. Ndinachotsadi. Ndinachotsa chinthu chimene sindinkachidziwa, chifukwa chinkaipitsa chidziwitso changa chokongola, ndipo ndinalemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti nkhani ndi imodzi. Ndikanangoumirira kuti andionetse bukulo, kapena kusiya mzere woumawo mmene unalili, wina mwa akale a m'gulu akanafunsa. Mlamu wanga akanamva, akanakhala kunyumba, mvula ikanagwa, akanawokera, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Koma munthu anabwera pakhonde panga, anakhala pa mpando wanga, anaona chimene ndimanyadira, n'kuchigwiritsa ntchito ngati khasu lobwereka. Ndakhala ndikunamizidwa ndi ogula mpunga, ndi achibale, ngakhale ndi mwamuna wanga amene, koma sindinamvepo kupusitsidwa kofika pamenepa.

Tikubwerera kuchokera ku kashedi, mlamu wanga anaima panjira.

"Alamu, ndifunse chinthu chimodzi. Pepala la atcheya lija munaliona musanalembe lanu?"

"Ndinaliona."

"Mfundo imene akunenayo inalipo?"

"Inalipo, koma anandiuza kuti..."

"Basi, ndamva."

Sanakwiye, sanatukwane. Ndikanakonda akanatukwana. Anapatukira njira ya kwake, ine ya kwanga.

Kope ndi zolembera ndinakazisiya pakhomo pa atcheya tsiku lomwelo, osagogoda. Anthu ena anandimvetsa, ena mpaka pano amanong'ona kuti ndinagwirizana ndi atcheya kuti mlamu wanga abwerere kwawo kumapiri. Ndinayesa kumupatsa theka la puloti yanga. Anakana mwaulemu, akuti ana anga nawonso amadya. Ndinatumiza mpunga, anabweza ndi mawu akuti akadali nawo wina, chikhalirecho ndinkadziwa kuti m'nyumbamo mulibe.

Ngalande tinaikonza ndithu, Lachiwiri ndi Lachinayi, monga tinagwirizanirana, ndipo anthu anabwera ambiri. Mvula itagwa madzi anayenda mpaka kumapeto kwa nthawi yoyamba pa zaka zingapo. Puloti yomaliza ija inadzaza mpaka m'mizere. Mkamwini wa atcheya ali ndi kagolosale pamsewu ndipo matope sawakonda, choncho nthawi yowokera itafika anafuna aganyu.

M'mawa wina mwezi wa Januwale ndinatsikira kumunsi kukaona mmene madzi akuyendera mu ngalande. Mu puloti ija munali amayi anayi atawerama, mbande zili m'manja. Wachitatu anali mlamu wanga. Ankawokera mofulumira kuposa anzake, chifukwa ankadziwa pamene pali pokwera ndi pamene madzi amakhalitsa. Ndinaima pa mzere.

"Alamu," ndinaitana. "Alamu, tulukanimo. Bwerani mudzawokere kwanga, tigawane. Chonde."

Anaweramuka pang'onopang'ono, dzanja lili m'chiuno. Anandiyang'ana ngati mmene umayang'anira mlendo wofunsa njira.

"Mwadzuka bwanji, mayi mlembi?" anatero. "Pepani, sinditha kucheza. Eni munda akufuna timalize lero."

Anaweramanso n'kupitiriza kuwokera.